Kalata Yoyamba ya Woyeza Madzi

Wachinyamata wa ku Muloza amene wangolandira digiri ya kemisitire akaona m'nyuzipepala kuti bungwe la Southern Region Water Board likufuna munthu wa mu labotale yoyeza madzi, kawirikawiri amafunafuna kalata ya mnzake amene anafunsirapo ntchito kwina. Amasintha dzina, tsiku ndi mutu, zotsalazo n'kuzisiya momwe zilili. Kalatayo imanena kuti wolembayo ndi wakhama, wokhulupirika, wotha kugwira ntchito ndi anzake, wophunzira msanga ndiponso wosadandaula ntchito ikachuluka. Ikhoza kupita ku banki, ku esiteti ya tiyi kapena ku ofesi ya msonkho ya pachipata cha Muloza osasintha chiganizo ngakhale chimodzi. Mwina zonse zimene yanenazo ndi zoona. Vuto lake ndi lakuti wowerenga alibe njira yozitsimikizira, pamene ntchito imene ikufunsiridwayo maziko ake onse ndi kusavomereza chinthu chisanayezedwe. Madzi a mumpopi akhoza kuoneka oyera mbee koma ali ndi tizilombo toyambitsa kolera, ndipo n'chifukwa chake bungwe la madzi limalemba munthu woti asamakhulupirire maso ake. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wofuna ntchito yotereyi akatumiza kalata yodzaza mawu okoma opanda umboni, ndiye kuti waonetsa kale kuti sanamvetse chimene akufunsira.

Ine ndimaona kuti kalata imeneyi ndiyo lipoti loyamba la mu labotale limene wachinyamatayo akupereka kwa abwana ake, ndipo iyenera kulembedwa ndi mwambo wa lipoti. Lipoti labwino limanena chimene chayezedwa, njira imene yagwiritsidwa ntchito, nambala imene yatuluka ndi malire a zimene nambalayo ingatiuze. Kalata nayo inene chimene wolembayo anachitapo ndi manja ake, pa makina ati, kangati, chinatuluka n'chiyani, ndiponso pamene luso lake lathera. Inde, kalatayo idzalembedwa m'Chingerezi monga mwa chizolowezi cha maofesi athu, koma maganizo ake amayamba asanavale chilankhulo, ndipo maganizowo ndi amene ndikufuna kuwalondola pano.

Poyambira pake ndi madzi enieniwo. Mabungwe a madzi a m'zigawo za dziko lino anakhazikitsidwa pansi pa lamulo la mu 1995, ndipo Southern Region Water Board, imene likulu lake lili ku Zomba, imapereka madzi m'matauni a m'chigawo chakummwera kupatula mzinda wa Blantyre umene uli ndi bungwe lakelake. Muloza ndi amodzi mwa malo amenewa. Kuno kuli kunsi kwa phiri la Mulanje, kumbali imene imalandira mvula yambiri kuposa madera ochuluka a Malawi, pakati pa minda ya tiyi, ndipo mtsinje wa Muloza ndiwo malire ndi tauni ya Milange ya ku Mozambique. Madzi otsika m'phiri amakhala oyera miyezi yambiri, opanda mchere wochuluka, ozizira, moti munthu angaganize kuti safunikira mankhwala. Koma mvula ikagwa usiku umodzi kumtunda, m'mawa mtsinje womwewo umakhala wofiira ndi dothi la m'minda ya m'mapiri, utanyamulanso zimene zakokoloka m'zimbudzi ndi m'makola. Chitsime chakuya cha m'chigwa chimapereka madzi ofanana chaka chonse, pamene mtsinje wa m'phiri umasintha m'maola ochepa. Woyeza madzi kumalo otere ntchito yake yaikulu ndi kuthamangitsana ndi kusinthako, ndipo kalata yosonyeza kuti wolembayo akudziwa zimenezi yasiyana kale ndi makalata ena onse a pamulu.

Miyezo imene amalimbana nayo tsiku ndi tsiku si yambiri. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lili ndi muyezo wa madzi akumwa wotchedwa MS 214, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi malangizo ake amene mayiko ambiri amatsamirapo. Kuvunduka kwa madzi kumayezedwa mu NTU. Madzi oti athiridwe klorini sayenera kupitirira 5 NTU, ndipo zimakhala bwino kwambiri akakhala pansi pa 1. Klorini wotsala m'madzi, atakhalamo kwa mphindi 30, ayenera kukhala wosachepera 0.5 mg/L, pH ili pansi pa 8, ndipo pampopi wakutali pazipezekabe wosachepera 0.2 mg/L. Tizilombo ta E. coli tisapezeke ngakhale kamodzi m'mamililita 100. Nambala zimenezi aliyense akhoza kuziloweza usiku wa intaviyu. Chimene sichilowezeka ndi kumvetsa mmene zimakokerana, chifukwa nambala imodzi ikasuntha zinazo zimatsatira.

Tiyerekeze malo oyeretsera madzi ang'onoang'ono amene amatulutsa malita 500,000 pa tsiku. Akafuna kuthira klorini wa 2 mg/L, pafunika kilogalamu imodzi ya klorini weniweni. Koma ufa wa HTH umene amagwiritsa ntchito si klorini yekhayekha. Mphamvu yake ikakhala 65 pa 100, ufa wofunika ndi makilogalamu pafupifupi 1.54. M'nyengo yadzuwa madzi oyera amadya mwina 1.2 mg/L ya klorini ameneyu, pathanki n'kutsala 0.8, ndipo poyenda m'mapaipi mpaka ku kiyosiki yomalizira pamatsalabe 0.3 kapena 0.4. Zonse zili bwino. Kenaka mvula igwe. Madzi obwera ndi dothi ndi zinyalala zowola tsopano akudya 1.8 mg/L, ufa ukuthiridwa womwe uja wa dzulo, pathanki pakutsala 0.2 basi, ndipo amayi otunga pa kiyosiki yomalizira akutunga madzi opanda chitetezo chilichonse. Palibe amene walakwitsa muyezo wa ufa, mtsinje ndiwo wasintha. Kuti pathanki pabwererenso 0.8 pafunika 2.6 mg/L, kutanthauza makilogalamu 1.3 a klorini, amene ndi makilogalamu 2 a ufa. Masamuwa ndi a chaka choyamba cha ku yunivesite. Chimene chimafuna mutu ndi kudziwa kuti kuwonjezera ufa kokha si yankho madzi akadali ovunduka, popeza tizilombo timabisala m'timibulu ta dothi klorini osatifikira. Komanso klorini wochuluka akakumana ndi zinyalala zowola amapanga mankhwala ena osafunika m'thupi, ndipo fungo lake likakula anthu amasiya mpopi n'kubwerera kumtsinje. Dothi liyambe lachotsedwa, klorini abwere pambuyo.

Klorini wotsala akhozanso kutsika madzi ali oyera, ndipo apa m'pamene woyeza wabwino amadziwikira. Ufa wa HTH umatha mphamvu ukasungidwa pamalo otentha kapena achinyezi, ndipo chinyezi ku Muloza si chosowa. Ufa uja ukatsika kufika pa 50 pa 100, makilogalamu 1.54 aja akupereka magalamu 770 okha a klorini, kotero madzi akulandira pafupifupi 1.5 mg/L m'malo mwa 2. Zizindikiro za mavuto awiriwa n'zofanana: piritsi la DPD likaponyedwa m'kabotolo, mtundu wa pinki ukutuluka wofooka. Chowasiyanitsa ndi buku la zotsatira. Ngati kuvunduka kwa madzi olowa kwakwera tsiku lomwelo, mlandu ndi wa mtsinje. Ngati madzi olowa sanasinthe koma klorini wakhala akutsika pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, pitani mukayeze ufa wa mu dilamu. Ngati wagwa mwadzidzidzi tsiku lopanda mvula, onani ngati kapaipi kodontheza mankhwala sikanatsekeke ndi zotsalira za ufawo. Ndipo ngati pathanki zili bwino koma mpopi umodzi wakutali ulibe klorini, mwina paipi yaphulika penapake ndipo ikuyamwa madzi akuda nthawi imene madzi asiya.

Kalata singanyamule zonsezi, ndipo siyenera kuyesa n'komwe. Ziganizo ziwiri kapena zitatu n'zokwanira kusonyeza kuti wolembayo amaganiza motere. Akhoza kulemba kuti: “Ndinakulira ku Muloza, kumene mtsinje umafiira usiku umodzi mvula ikagwa m'phiri. Ndikudziwa kuti masiku otere klorini wotsala amagwa ngakhale muyezo wa ufa usanasinthe, ndipo ndikutha kuwerengera muyezo watsopano kuchokera pa kuchuluka kwa madzi ndi mphamvu ya ufa.” Mawu awa ali ndi ubwino umodzi umene “ndine wakhama” alibe, wakuti akhoza kuyesedwa. Pa intaviyu wina akhoza kum'patsa pepala ndi pensulo kuti asonyeze, ndipo wolembayo analemba akudziwa kuti zimenezi zingachitike.

Pali chinthu china chimene wophunzira kemisitire amachidziwa bwino kuposa anzake a maphunziro ena, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kawirikawiri sachitchula. Mankhwala a alamu, amene amathiridwa kuti dothi liundane n'kudikha, amadya mphamvu ya madzi yoletsa asidi. Miligalamu iliyonse ya alamu imatha pafupifupi theka la miligalamu ya mphamvu imeneyi. Madzi a m'phiri opanda mchere amakhala nayo yochepa, choncho ukachulutsa alamu pa tsiku la matope pH imagwa, dothi limakana kuundana, ndipo madzi amayamba kudya mapaipi achitsulo. Pamenepo pamafunika laimu kapena soda kuti pH ibwerere. Koma ukapyoza nayonso, klorini amafooka: pa pH ya 7.5 theka lake lokha ndilo limakhala mu mtundu wamphamvu wopha tizilombo, ndipo pa 8.5 gawo limodzi mwa magawo khumi. Muyezo woyenera umapezeka pondandalika mabotolo asanu ndi limodzi a madzi omwewo, lililonse ndi alamu wosiyana, kutakasa, kudikira, n'kuona limene layera bwino ndi mankhwala ochepa. Amene anachitapo zimenezi, kaya pa atachimenti kaya m'kalasi, azilembe m'kalata mwatchutchutchu.

Apa wina anganene kuti ndikuiwala chinthu chachikulu: munthuyu wangotuluka kumene ku yunivesite, alibe luso la kuntchito, ndiye umboni autenga kuti? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo ndilo limachititsa ambiri kubisala kuseri kwa mawu okoma. Koma amene wakhala zaka zinayi ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuzu University sanangokhala akukopera manotsi. Anachuna mita ya pH ndi madzi odziwika a 4, 7 ndi 10 asanayeze. Anadontheza mankhwala kuchokera mu byureti mpaka mtundu utasintha, n'kubwereza katatu kufikira nambala zitagwirizana. Anakonza madzi a muyezo wodziwika, kujambula mzere, n'kuwerenga sampulo yake pamzerewo. Chaka chomaliza anachita kafukufuku wake. Vuto si kusowa kwa umboni ayi, koma kuti amaona zimenezi ngati za kusukulu, zosayenera kutchulidwa pamaso pa akuluakulu. Choncho amalemba kuti “ndinachita kafukufuku wa ubwino wa madzi” n'kulekera pomwepo, pamene akanatha kunena kuti anayeza naitireti m'zitsime 12, katatu pa chitsime chilichonse, n'kuyerekeza ndi malire a 50 mg/L, komanso kuti zotsatira za tsiku limodzi anazitaya n'kuyambiranso chifukwa madzi opanda kanthu oyesera makina anasonyeza kuti mabotolo sanatsukidwe bwino. Chiganizo chomalizachi, chimene wachinyamata angachite nacho manyazi, ndicho chamtengo wapatali m'kalata yonse. Ntchito yoona za ubwino wa zotsatira ndi imeneyo: kuyendetsa madzi opanda kanthu pamodzi ndi masampulo, kuyeza sampulo imodzi kawiri kuti uone ngati dzanja lako silikusinthasintha, kuika pakati sampulo imene yankho lake ukulidziwa kale, ndi kukana nambala yako yomwe pamene zoyesera zimenezi zakutsutsa. Muyezo wa ISO/IEC 17025 umene malabotale amafuna kuukwaniritsa wazikika pa mwambo umenewu ndi pa kulemba chilichonse m'buku.

Tsopano pali malire, ndipo lipoti loona limawanena. Digiri ya kemisitire siphunzitsa mokwanira kuyeza tizilombo, pamene mu labotale ya madzi akumwa chotsatira cholemera kuposa zonse ndi cha tizilombo. Njira yake ndi kusefa mamililita 100 pa kapepala ka timabowo ta 0.45 maikoromita, kukaika pa chakudya cha tizilombo, kukafungatira pa madigiri 44 usiku wonse, m'mawa n'kuwerenga timadontho timene tamera. Pamafunika manja ozolowera ukhondo wamtundu wina, wa malawi a moto ndi ziwiya zophikidwa, umene wa kemisitire sanauzolowere. Chala chimodzi chikakhudza m'kati mwa chivundikiro, madzi abwino amaweruzidwa kuti ndi oipa. Magetsi akazima pakati pa usiku chofungatira n'kuzizira, zotsatira za mawa sizingadaliridwe. Amene anangoonerera njirayi kawiri osaigwira yekha alembe momwemo, kuti anaiona, akudziwa chifukwa cha gawo lililonse, koma sanaichitepo payekha ndipo adzafunika kuyang'aniridwa miyezi yoyamba.

Ambiri angati kumeneku ndi kudzidula miyendo wekha. Pa mulu wa makalata mazana, ena onse akunena kuti amadziwa chilichonse, iwe n'kumaulula zimene sudziwa? Sindikana kuti pali owerenga ena amene angakankhire kalata yotereyi pambali. Koma taganizani za munthu amene adzakhale naye mu labotale, katswiri wa madzi amene mawu ake amalemera posankha. Iye akudziwa bwino lomwe zimene digiri ya kemisitire imaphunzitsa ndi zimene siphunzitsa, chifukwa anadutsa momwemo. Akawerenga kuti wongomaliza kumene ndi katswiri pa makina onse ndi njira zonse, amadziwa kuti akunamizidwa, ndipo amadzifunsa ngati dzanja limene lakometsera kalata silidzakometseranso buku la zotsatira tsiku limene piritsi la DPD lakana kufiira. Luso losefa tizilombo limaphunzitsika m'milungu yochepa. Chizolowezi cholemba nambala imene abwana akufuna kuona m'malo mwa imene makina asonyeza n'chovuta kuchichotsa mwa munthu, ndipo chikalowa mu labotale zipangizo zonse zodula zimakhala zopanda ntchito. Komanso kuvomereza malire kumapatsa mphamvu zina zonse zimene zalembedwa: amene wanena poyera kuti ichi sachidziwa amakhulupirika akanena kuti icho amachidziwa.

Kukhala wa ku Muloza kumaphunzitsanso phunziro la mtunda. Sampulo imayamba kusintha ikangotuluka mumpopi. Klorini wotsala, pH ndi kutentha ziyenera kuyezedwa pomwepo pampopi, chifukwa klorini amatha m'botolo. Sampulo ya tizilombo imatungidwa m'botolo lophikidwa limene lili ndi sodiyamu thayosafeti pang'ono, mankhwala amene amathetsa klorini nthawi yomweyo. Popanda iwo klorini amapitiriza kupha tizilombo m'njira, ndipo labotale imalengeza kuti madzi ndi abwino pamene pampopi sanali otero. Botololo limaikidwa m'bokosi la ayezi, ndipo liyenera kusefedwa m'maola 6 ngati n'kotheka, osadutsa maola 24 zivute zitani. Kuchokera pachipata cha Muloza kukafika ku boma la Mulanje ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo kupitirira mpaka ku Zomba ndi ulendo wa maola angapo msewu ukakhala wabwino. Munthu amene wakhala akukwera minibasi ya pa Limbuli nyengo ya mvula sasowa womuuza kuti maola 6 amatha msanga. Ngati ali wokonzeka kudzuka m'bandakucha, kukwera njinga yamoto ndi bokosi la masampulo kumbuyo, kapena kutumizidwa ku Nsanje, ku Mwanza kapena ku Mangochi kumene madzi ake ndi amtundu wina, alembe zimenezo. Ntchito ya labotale ya madzi gawo lake lalikulu limachitikira panja, ndipo si onse ovala gauni la digiri amene amayembekezera zimenezi.

Chitsutso china n'chakuti woyamba kutsegula envelopu si katswiri wa madzi koma wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, amene ali ndi mndandanda wa zofunika ndipo amangochonga: digiri ilipo, masatifiketi alipo, mayina a ochitira umboni alipo, kalata yafika tsiku lisanadutse. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake kalatayo iyenera kutumikira owerenga awiri pa tsamba limodzi. Mutu utchule udindo monga momwe walembedwera pa chidziwitso, liwu ndi liwu. Ndime yoyamba inene digiri, yunivesite ndi chaka, kuti wochongayo apeze chimene akufuna asanatope. Ndime ziwiri zapakati ndizo za katswiri uja. Yomaliza inene zimene zaphatikizidwa ndi nambala ya foni imene imagwiradi. Palibe chifukwa chobwerezera maphunziro onse amene ali kale pa pepala la mbiri yake. Ndipo kalata yofunsira ntchito yoyang'anira zolakwa ikakhala ndi dzina la bungwe lolembedwa molakwika, kapena ikatsala ndi dzina la kampani ina kuchokera ku kalata ya mnzake ija, yadziweruza yokha. Chimodzimodzinso kulemba mg/L pamene pafunika g/L. Kusiyana kwake ndi kuwirikiza 1,000, ndipo wowerenga wachiwiri uja diso lake limagwera pomwepo.

Palinso nkhani ya ulemu, imene kwathu kuno si yaing'ono. Mwana sauza akulu mmene mtsinje umayendera, ndipo kalata yodzaza nambala ikhoza kumveka ngati ya munthu wodzimva amene akufuna kuphunzitsa a Wotabodi ntchito yawo. Ngozi imeneyi ilipodi, ndipo malire ake ndi oonekera. Kulemba zimene iwe ukudziwa ndi zimene wachita ndi kupereka umboni. Kulemba kuti madzi a bungwelo ali ndi vuto lakutilakuti limene iwe udzalikonza ndi chipongwe, ndiponso ndi kulankhula popanda kuyeza, popeza sunaonepo buku lawo la zotsatira. Koma mbali inayo ilinso ndi dzenje lake. Kalata yogwada, yodzaza ndi kupepesa ndi kupempha chifundo, yofotokoza za makolo okalamba ndi abale ofuna fizi, imauza wowerenga kuti wolembayo akufunitsitsa malipiro, chinthu chimene onse ofunsira akufanana nacho. Imam'patsanso nkhawa ina, yakuti munthu wogwada chonchi sadzatha kuima pamaso pa injiniya wamkulu kwa iye n'kunena kuti madzi a lero asatsegulidwe. Ulemu umakwanira m'malonje, m'mawu odekha ndi m'kusachulutsa zonena.

Ena amangoti zonsezi n'kutaya nthawi, ntchito masiku ano ndi kudziwana. Maganizo amenewa ndi ofala, ndipo amene wafunsira malo makumi awiri osaitanidwa n'kamodzi komwe sangadzudzulidwe powakhulupirira. Komabe kalata ndiyo gawo lokhalo la nkhaniyi limene lili m'manja mwa wofunsirayo. Ngati pali malo amene zinakonzedwa kale, kalata yabwino ndi yoipa zigwera m'dengu limodzi, ndipo palibe chimene wataya polemba yabwino. Kumene sizinakonzedwe, kalata ndiyo imasankha amene aitanidwe. Ndiponso ntchito ya labotale ili m'gulu la ntchito zimene kusadziwa kumaonekera msanga, chifukwa zotsatira zake zimawerengedwa ndi ena, zimayerekezedwa ndi za malabotale ena, ndipo zikalakwika anthu amadzaza m'zipatala.

Zimenezi sizongoopseza. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unali woopsa kuposa ina yonse imene Malawi anaonapo. Usanathe, namondwe wa Freddy anafika mu Marichi 2023, n'kugumula mapiri, milatho, zimbudzi ndi mapaipi m'maboma a kummwera, Mulanje ndi Phalombe ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Nthawi ngati imeneyo zotsatira za tizilombo zimabwera mawa, pamene anthu akumwa lero, choncho chigamulo chimatsamira pa miyezo iwiri ya mphindi zochepa, kuvunduka ndi klorini wotsala, ndi pa munthu amene akuilemba m'buku. Munthuyo kawirikawiri amakhala wamng'ono kwambiri pa udindo, wolembedwa kumene, amene akudikirabe kalata yomutsimikizira ntchito. Akapeza 0.0 mg/L pa kiyosiki, njira yake ndi yodziwika: abwereze ndi piritsi lina ndi kabotolo kotsuka, ayeze mpopi woyandikana nawo, alembe nthawi ndi malo, atunge sampulo ya tizilombo, aimbire foni womuyang'anira nthawi yomweyo osadikira lipoti la kumapeto kwa sabata. Wofunsira ntchito sangatsimikizire m'kalata kuti adzachitadi zimenezi tsikulo likadzafika, ndipo kulonjeza kulimba mtima kungakhale kubwerera ku mawu okoma aja. Chimene angathe ndi kusonyeza kuti anachitapo zofanana nazo pa kanthu kakang'ono. Ndime yachitatu ya kalata yake ikhoza kutha motere: “Pa kafukufuku wanga, zotsatira za tsiku lachiwiri zinkagwirizana bwino ndi zimene ndinkayembekezera, koma madzi oyesera makina anasonyeza kuti mabotolo anali oipitsidwa. Ndinauza aphunzitsi ondiyang'anira tsiku lomwelo, ndinazichotsa, ndipo ndinabwerera kukatunga masampulo ena. Buku langa la mu labotale lilipo, ndipo ndidzabwera nalo mukandiitana.”